Fizi ya ku Joni siwerengedwa pa foni

Azakhali,

Ndakulemberani ndili ndi chimwemwe, koma tulo sindikuliona. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, wapeza malo ku yunivesite ina ku Joni kuti akachite digiri ya zaka zitatu. Ndakutumizirani fotokope ya kalata yake pamodzi ndi mapepala onse omwe anabwera nayo. Fizi ndi R60,000 pachaka. Ndinayang'ana pa foni, inati randi imodzi ndi K98. Nditachulukitsa ndinapeza K5,880,000 pachaka, ndiye kuti zaka zonse zitatu ndi K17,640,000. Tili ndi puloti ku Chileka ndipo wina akufuna kuigula K18 miliyoni. Bambo a kunyumba akuti tigulitse, tiike ndalamazo kubanki, nkhani ithere pomwepo. Kutchalitchi ndalengeza kale, amayi anzanga mpaka analuluta. Koma mlamu wanga atamva anangoti "hmm," osawonjezerapo kanthu. Ka "hmm" kameneka kakundisowetsa mtendere. Kodi masamu angawa ali ndi vuto?

Ine mwana wanu,
Mayi wa ku Chilomoni

Mwana wanga,

Choyamba nthungululu zanga nazonso zilandire, chifukwa kulera mtsikana mpaka yunivesite ya kunja imuitane si masewera. Chachiwiri, mlamu wakoyo ukamuphere nkhuku. Ka "hmm" kake kali ndi nzeru kuposa kakyuleta ya pa foni yako.

Kuchulukitsa wachulukitsa bwino, aphunzitsi ako a masamu asadandaule. Vuto ndi zomwe wachulukitsazo. Watenga nambala imodzi pa pepala lomwe lili ndi manambala ambiri, waichulukitsa ndi mtengo wa randi womwe palibe amene adzakugulitse nawo, kenako wauza kwacha kuti ikhale chete zaka zitatu ngati mwana wa nazale amene walonjezedwa switi. Ndiye iwe thamangu kutchalitchi kukalengeza! Ukanayamba wabwera kwa azakhali ako. Koma palibe chaipa, puloti sinagulitsidwe, madzi sanatayike. Tenga kope ndi pensulo, ukhale pansi apa.

Tiyambe ndi mapepala omwe wanditumizirawa, poti zikuoneka kuti unawerenga tsamba loyamba lokha, pamene panali mawu oti mwana walandiridwa, misozi n'kutseka maso. Ine ndavala magalasi ndipo ndafika mpaka kumapeto. R60,000 ija ndi ya maphunziro okha. Tsamba lachiwiri likuti ophunzira ochokera kunja amalipira R5,000 yapadera chaka chilichonse. Tsamba lachitatu likuti chipinda ku hositelo ndi R40,000 pachaka, ndipo m'munsi mwake, m'timalemba ting'onoting'ono, akuti chakudya mulibemo. Palinso inshuwalansi ya chipatala ya R6,000. Imeneyi sungaizembe, chifukwa viza ya sukulu ya ku Joni imafuna kuti wophunzira akhale ndi inshuwalansi yolembetsedwa komweko, ndipo yunivesite nayo imafuna kuona umboni wake mwana asanalembetse.

Tsopano mwanayo azidya chiyani, mpweya? Mapepala sakunena, ndiye tiyerekeze kuti chakudya, sopo, mabuku ndi timayunitsi ta foni zizitha R2,500 pamwezi. Kwa miyezi khumi ya sukulu ndi R25,000. Basi yopita ndi yobwerera tiikire R4,000. Manambala awiriwa ndi ongoyerekeza, ukawakonze ukafunsa mwana wina amene akuphunzira mumzinda womwewo, osati amalume amene anapitako komaliza mu 2009. Tikaphatikiza zonse: 60,000 ndi 5,000 ndi 40,000 ndi 6,000 ndi 25,000 ndi 4,000, tikupeza R140,000 pachaka. Waona? Tisanakhudze n'komwe nkhani ya kwacha, mtolo wako wakula kale kuwirikiza kawiri n'kupitirira.

Pali kamodzi kokoma, ndisangokuopseza. Mu 1997 mayiko a SADC anasainirana pangano la maphunziro mu Blantyre momwemuno, loti mwana wochokera m'dziko lina la m'chigawochi azimuona ngati mwana wa komweko pa nkhani ya fizi. N'chifukwa chake m'mayunivesite a boma ku Joni Mmalawi kawirikawiri amalipira fizi ya maphunziro yofanana ndi ya eni dziko, kungowonjezerapo kandalama ka alendo kaja. Invoisi ikamabwera chaka chilichonse uziyang'ana ngati mwanayo amulemba m'gulu la SADC. Kalaliki akalakwitsa n'kumuika m'gulu la ochokera kutsidya kwa nyanja, bilu imalumpha, ndipo iwe ukangolipira osafunsa, kuti ndalamayo ibwerere umachita kumera imvi. Safunsa anadya phula.

Tibwere ku K98 yakoyo. Foni sinakunamize kwenikweni, koma sinakuuzenso zonse. Ukalowa m'banki iliyonse, yang'ana pa bolodi ija ya ndalama zakunja: pamzere wa randi pali manambala awiri. Yaing'onoyo ndi mtengo umene banki imagulira randi kwa iwe ukabwera nayo. Yaikuluyo ndi mtengo umene banki imakugulitsira. Foni imakonda kuonetsa nambala ya pakati pa ziwirizi, yomwe ndi yabwino pocheza pa minibasi koma sugula nayo kalikonse. Zili ngati kwa venda wa chimanga: mtengo umene amagulira kwa mlimi ndi wina, umene amagulitsira iwe ndi wina, ndipo ukamuuza kuti akugulitse pa mtengo wapakati angokuseka. Iwe ndiwe wogula randi, choncho nambala yako ndi yaikuluyo.

Komanso banki situmiza ndalama mwaulere. Pali kamisheni, pali ndalama yotumizira, ndipo nthawi zina mabanki a panjira amadulako kachidutswa kawo moti ku yunivesite kumafika ndalama yoperewera pang'ono. Kopereweraka, ngakhale katakhala R200, kamakhala ngongole pa dzina la mwana. Pempha kuti malipiro onse otumizira akudule iwe kuno, kuti uko kufike ndalama yathunthu. Njira yosavuta yodziwira mtengo weniweni ndi iyi: pita kubanki yako ndi invoisi m'manja, ufunse kuti, "Nditati ndilipire ndalama iyi lero, mu akaunti mwanga muchoka makwacha angati, zonse pamodzi?" Nambala imene akuuzeyo uigawe ndi marandi a pa invoisi. Zomwe upezezo ndiye mtengo wako wa randi. Tinene kuti pa bolodi pali K103, ndipo ndi timalipiro tonse yafika K105.

R140,000 kuchulukitsa ndi K105 ndi K14,700,000. Chaka chimodzi chokha, mwana wanga. Puloti ya ku Chileka ija, yomwe bambo akwanu akuti ithetsa nkhani, ikutha chaka choyamba n'kutsala K3,300,000. Imwa kaye madzi, sindinamalize.

Mbali yomwe imagwetsa anthu ambiri ndi yoti fizi sulipira lero yonse. Umalipira Januwale kapena Febuluwale uno, kenako wa chaka chamawa, kenako wa chaka chinacho, ndipo tsiku lililonse lolipira limabwera ndi mtengo wakewake. Pakati pa masiku amenewa pali zinthu zitatu zomwe zimayenda, chilichonse ndi miyendo yake.

Choyamba ndi bilu yeniyeniyo, m'marandi. Ku Joni nakonso zinthu zimakwera, ndipo fizi, hositelo ndi inshuwalansi zimakwera pafupifupi chaka chilichonse. Funsa yunivesite kuti zaka ziwiri zapitazi anakweza ndi zingati. Pakadali pano tiyerekeze 6 peresenti: R140,000 ya chaka choyamba ikhala pafupifupi R148,000 chaka chachiwiri ndi R157,000 chaka chachitatu. Ichi n'chopepuka, chimayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, umachionera patali.

Chachiwiri anthu sachiganizira n'komwe. Randi nayo imayenda poyerekeza ndi dola, tsiku ndi tsiku, ndipo mtengo wa randi kuno kwathu umadutsira pa dola. Masamu ake ndi awa: tenga makwacha ogulira dola imodzi, uwagawe ndi marandi ogulira dola imodzi. Dola ikakhala K1,750 ndipo ku Joni dola ili R19, randi imodzi ikhala pafupifupi K92. Kwacha isasunthe ngakhale pang'ono, koma randi ilimbe mpaka dola ikhale R17, randi yomweyo yafika pafupifupi K103. Kusiyana kwa K11 kumaoneka ngati ndalama ya machesi, koma pa R140,000 ndi K1,540,000. Ndiye ukamva pa wailesi kuti randi yalimba, achibale a ku Joni azivina, iwe uzigwira m'mutu. Ubwino wake ichi chimapita uku ndi uku: chaka china chikupweteka, chaka china chikuchitira chifundo.

Chachitatu ndiye fisi weniweni, ndipo kawirikawiri sabwerera m'mbuyo. Kwacha yathu ili ndi khalidwe lake. Imakhala duu miyezi yambiri, mtengo wa kubanki osasuntha, mpaka anthu kuiwala, kenako m'mawa wina umadzuka n'kumva kuti Banki Yaikulu yalengeza. Mu Meyi 2012 dola inachoka cha m'ma K168 kufika K250. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Taona mipata yake: pakati pa kugwa kwa 2022 ndi kwa 2023 panangodutsa chaka ndi theka. Mwana amene anayamba digiri ya zaka zitatu kumayambiriro kwa 2022 anakumana nazo zonse ziwiri asanavale gauni. Sindikunena kuti igwanso liti, ine si mlosi, ndipo aliyense amene akuuze tsiku lake akufuna kukugulitsa chinachake. Ndikungoti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo pa zaka zitatu ndi kupusa kuwerengera kuti sichidza.

Za Novembala 2023 zija ndimazidziwa pathupi panga. Ndinkathandiza mwana wa mchemwali wanga amene ankaphunzira kunja, ndipo panatsala madola 2,000 oti ndilipire. Ndalama ndinali nazo, K2,360,000, zili phee mu akaunti kuyambira Seputembala. Fomu ya kubanki ndinaitenga, n'kuiika mu chikwama, pakati pa buku la nyimbo ndi kabotolo ka mafuta opaka m'mawondo. Tsiku lomaliza kulipira linali mu Januwale, ndiye ndinkati changu n'chachiyani, ndipita ndikamaliza za ukwati wa mwana wa aneba. Ukwati unatha, maliro anabwera, mvula inayamba. M'mawa wina ndikukazinga mazira, wailesi ili pawindo, ndinamva wowerenga nkhani akutchula 44 peresenti. Mazira anapserera ndili chiimire. Madola 2,000 omwewo anasanduka K3,400,000. K1,040,000 inandichokera ndili m'khitchini mwanga, popanda wakuba kuthyola chitseko. Fomu ija ndikadali nayo, ili ndi banga la mafuta pakona.

Tsono m'kope mwakomo ujambule mizere. Kumanzere ulembe masiku olipira, chaka ndi chaka, ndi marandi ake. Kenako uwerengere kawiri. Ulendo woyamba uyerekeze kuti Mulungu wachita chifundo, randi yakhala pa K105 zaka zonse. Chaka choyamba K14,700,000, chachiwiri K15,540,000, chachitatu K16,485,000. Zonse pamodzi K46,725,000. Imeneyi ndi nambala ya tsiku la dzuwa, ndipo ndi yocheperapo pa zonse zomwe ungayembekezere.

Ulendo wachiwiri uyerekeze kuti chaka chachiwiri chisanayambe kwacha yagwa ngati momwe inagwera mu 2023. K105 kuwonjezerapo 44 peresenti ndi pafupifupi K151. Chaka choyamba walipira kale, sichisintha. Chachiwiri chikhala K22,348,000, chachitatu K23,707,000, ndipo zonse pamodzi K60,755,000. Kusiyana kwa maulendo awiriwa ndi K14 miliyoni, ngati kuti mwana wakhala chaka china chathunthu ku Joni koma osaphunzira kanthu. Ukafuna, werengeranso ulendo wachitatu ndi 25 peresenti ya 2022, upeza nambala ya pakati, pafupifupi K54.7 miliyoni.

Ndiye wina akakufunsa kuti sukulu ya mwanayo idya zingati, usamatchule nambala imodzi. Uziti pakati pa K47 miliyoni ndi K61 miliyoni. Ndipo funso loti udzifunse usiku si loti kodi yaing'onoyo mungaikwanitse. Udzifunse kuti yaikuluyo itabwera, mwanayo amaliza kapena abwerera ndi sutikesi chaka chachiwiri? Ndawaona ana obwerera pakati. Ndalama zapita, pepala palibe, zotsatira za mayeso yunivesite yazigwira chifukwa cha ngongole, ndipo mwana akungodzitsekera kuchipinda kuopa mafunso a anthu omwe analuluta aja. Kumeneko n'kopweteka kuposa kusapita n'komwe.

Uwonjezereponso ichi. Tsiku lomwe kwacha yagwa, malipiro a bambo akwanu sakwera nawo. Koma mafuta a galimoto, feteleza, sopo ndi shuga zimakwera sabata yomweyo. Ndiye kandalama kotsala pamwezi, komwe mumati muzikatumiza ku Joni, kamachepa pa nthawi yomwe bilu yakula. Fisi ameneyu amaluma mbali ziwiri. Powerengera zomwe mungakwanitse pa ulendo woipa uja, kotsalako ukachepetse, usakasiye momwe kalili lero.

Pali nkhani ina yomwe bolodi ya kubanki siinena. Mtengo kulembedwa pa bolodi sikutanthauza kuti randi ilipo. Zaka zino ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno, ndipo munthu umatha kupereka mapepala onse, makwacha ali mu akaunti, n'kumangouzidwa kuti mudikire muli pamzere. Masabata amatha. Choipa n'chakuti mtengo womwe amakudulira kawirikawiri ndi wa tsiku lomwe ndalama yapezeka, osati wa tsiku lomwe unapereka fomu. Ufunse bwino kubanki yako kuti iwo amatani pamenepa. Uonenso nyengo: sukulu za ku Joni zimatsegulira cha mu Febuluwale, ndipo mayunivesite ambiri amafuna mlendo alipire gawo lalikulu, ena yonse, asanalembetse. Koma Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yomwe kuno madola amakhala atauma, fodya akadali m'munda, misika yake imatsegulidwa cha mu Epulo. Ukapita kubanki pa 20 Januwale uli wefuwefu, upeza makolo anzako onse ali pabenchi lomwelo. Invoisi uipemphe msanga, ngakhale yongoyembekezera, ndipo fomu ilowe Okutobala kapena Novembala, pamodzi ndi kalata yolandirira mwana ndi fotokope ya pasipoti yake. Polipira usaiwale kulembetsa nambala ya wophunzira, apo ayi ndalama ikafika n'kukhala yopanda mwini, mwana akuthamangitsidwa pa mzere wolembetsa.

Ndikudziwa zomwe zikubwera m'mutu mwako, chifukwa wina wakunong'oneza kale kuti pali anyamata ena m'tauni omwe randi sawasowa. Alipodi. Mtengo wawo umakhala kutali pamwamba pa wa kubanki, malamulo salola, ndalama zabodza zimayenda komweko, ndipo akakupusitsa kupolisi ukanena kuti chiyani? Ine sindikukutuma kumeneko. Koma makutu ako akhale otsegula, chifukwa mtengo wa pamsewu uli ngati mitambo. Ukaona kuti watalikirana kwambiri ndi wa kubanki, ndipo kubanki mzere ukungotalika, dziwa kuti mtengo wa pa bolodi uja waima ndi mwendo umodzi. Zisanachitike za 2012 ndi za 2023 zizindikiro zinali zomwezi. Ukaziona, ulendo woipa uja uziwuwerengera ngati mlendo amene wafika kale pachipata.

Nanga puloti? Apa bambo akwanu andimve bwino, ndipo uwawerengere ndime ino mokweza, koma atadya kaye. Kugulitsa puloti lero n'kuika makwacha mu akaunti kuti adikire chaka chachitatu ndi kusunga madzi m'dengu. Chiwongoladzanja cha kubanki chimabwera pang'onopang'ono, pamene kugwa kwa kwacha kumadya m'mawa umodzi. K18 miliyoni lero igula pafupifupi R171,000 pa K105. Kwacha itagwa, ndalama yomweyo igula R119,000 yokha. Malo, mosiyana ndi ndalama ya mu akaunti, mtengo wake umayesetsa kutsatira kukwera kwa zinthu, ngakhale wogula sapezeka tsiku lomwe ukumufuna. Choncho ngati mwagwirizana kugulitsa, mugulitse pa nthawi yoti ndalamayo ilowe kubanki n'kutuluka ngati randi mwamsanga. Lembera ofesi ya zachuma ya yunivesite uwafunse ngati amalola kulipiriratu chaka chonse, hositelo yomwe, komanso ngati ndalama yotsala ingakhale pa akaunti ya mwana kudikira chaka chamawa. Funsanso banki ngati ingatumize zoterozo, poti iwo amatumiza molingana ndi invoisi. Randi yomwe yafika kale ku Joni kugwa kwa kwacha sikuikhudza. Koma usanalipiriretu uwerenge malamulo awo obwezera ndalama, mwina viza ikanika kapena mwana adwala. Uonetsetse kuti zalembedwa papepala.

Ndiye pali amalume a ku Joni. Banja lililonse lili nawo, amene pa Khrisimasi amati, "Mwanayo akangofika kuno, za chakudya musadandaule." Akakhala oona, ndi dalitso lalikulu, chifukwa iwo amalandira marandi ndipo gawo lawolo kwacha silikhudza. R25,000 ya chakudya itachoka pa bilu yako, mtolo wa chaka choyamba watsika ndi K2,625,000. Koma m'kope ulembe zokhazo zomwe atchula nambala ndi tsiku, ali bwinobwino, osati zolonjeza botolo lili m'manja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wina wa ku banki m'khonde kapena katapila asalowe m'masamu amenewa ngakhale pang'ono: ngongole ya mwezi umodzi siilipira sukulu ya zaka zitatu.

Ndikuona nkhope yako yagwa, ndipo mwina ukuti azakhali aphwanya maloto a mwana wanga. Ayi mwana wanga, ndikufuna apite ndipo akamalize. Mukakhala pansi ndi kope lija mupeza chimodzi mwa zinthu zingapo. Mwina puloti, malipiro ndi amalume pamodzi zikufika pa nambala yaikulu ija, ndiye pitani mukagule sutikesi. Mwina zikufika pa yaing'ono yokha. Pamenepo pali zoti muyese musanagonje: kufunsa ngati yunivesite ingamusungire malo chaka chimodzi, kufufuza thandizo la fizi lomwe limalola alendo (si lonse limalola, ndiye muwerenge bwino), kapena kupeza chipinda chotchipa chogawana ndi mnzake, poti hositelo ndi chakudya zikutenga pafupifupi theka la bilu. Mwinanso sizikufika n'komwe pa yaing'onoyo. Zikatero palibe manyazi kuti achite digiri yoyamba kuno kwathu, komwe fizi ndi ya makwacha ndipo nsima ndi ya mayi ake, n'kudzapita kunja pa digiri yachiwiri ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Sukulu ikafupika, masiku olipira amachepa, ndipo fisi uja amapeza mpata wochepa.

Mtsikanayo musamubisire. Wakhoza mayeso ovuta kuposa masamu awa, muitaneni akhale nanu patebulo, pensulo agwire iyeyo. Aone yekha kuti kulephera phunziro limodzi n'kubwereza chaka kukutanthauza mzere wachinayi m'kope, wa marandi oposa 160,000, pa mtengo womwe palibe akuudziwa. Mwana amene waona manambala amenewa ndi maso ake sapita kukagula foni yatsopano ndi ndalama ya chakudya mwezi woyamba. Ndipo ngati yankho likhala loti adikire, adzalira, koma adzalira akudziwa chifukwa chake, osati kuganiza kuti makolo ake ndi aumbombo.

Za kutchalitchi zisakudetse nkhawa. Amayi a nthungululu aja akakufunsa kuti mwana anyamuka liti, uziti tikukonza mapepala, ndipo sukunama. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pa onse analuluta aja palibe amene adzabwere ndi randi mu Febuluwale. Wogula puloti umuuze adikire milungu iwiri. Lolemba m'mawa uvale chitenje chako chabwino chija, invoisi m'chikwama, ukafunse kubanki funso lija la makwacha angati zonse pamodzi, ndiponso kuti amene anapereka fomu mwezi watha athandizidwa kale kapena ayi. Ukatuluka udutsire kwa mlamu wako ndi nkhuku ija, umuonetse kope, umve ngati anenenso "hmm." Akanena, undilembere.

Ine Azakhali ako